Momwe mungadziwire makilo a mpunga oti mugulitse kuti geni isalowe pansi

Ambiri ogulitsa mpunga pa Nkhotakota pano amaona ndalama ikulowa tsiku lililonse, koma mwezi ukatha ya lendi imasowa. Pali nambala imodzi yofunika kuidziwa: makilo amene mukagulitsa, simunapindule komanso simunaluze. Mitengo ili m'munsimu ndi yachitsanzo, inu muikemo yanu.

Yambani ndi ndalama zimene zimatuluka ngakhale musagulitse kanthu. Tinene kuti lendi ya shopu ndi K60,000, mnyamata wothandiza K70,000, za kukhonsolo ndi magetsi K20,000. Zonse pamodzi K150,000 pamwezi.

Kenako pezani zimene kilo imodzi imakudyerani. Thumba la mpunga wosapuntha la makilo 50 mwagula K60,000, kuchigayo mwalipira K5,000, wakabaza K3,000. Thumbalo lakwana K68,000.

Apa ndi pamene ine zinandisokonekera, ndipo musafulumirepo. Ndinkagawa K68,000 ija ndi 50, poti ndinagula makilo 50. Komatu kasitomala sagula mankhusu. Thumba likatuluka m'chigayo mumatsala makilo pafupifupi 32, enawo apita ndi mankhusu ndi madeya. Ndiye gawani ndi 32, mupeza K2,125 pa kilo. Onjezani K75 ya jumbo, yakwana K2,200. Mukagawa ndi 50 n'kuonjeza ya jumbo ija, kilo imaoneka ngati ya K1,435 basi, ndipo mumayamba kutsitsira anthu mtengo mukuganiza kuti phindu lilipo lambiri.

Nambala ya 32 ija musangoikhulupirira, yezani nokha thumba likamalowa ndi potuluka. Mpunga wouma mopitirira umasweka kwambiri m'chigayo, ndipo woswekawo sugulika mtengo wa Kilombero wabwino. Palinso ena amene amakugulitsani wosauma bwino kapena wothira mchenga pansi pa thumba kuti ulemere. Pisani dzanja mpaka pansi, lumani njere zingapo, youma imalira pa mano. Sikelo tengani yanu.

Tsopano chotsani. Ngati mukugulitsa K2,800 pa kilo, kuchotsa K2,200 patsala K600. Imeneyi si phindu ayi, ndi imene ikukalipira lendi ndi mnyamata uja. Gawani K150,000 ndi K600, mupeza makilo 250 pamwezi, kapena kuti matumba 8 a wosapuntha. Phindu limayamba pa kilo ya 251. Masamu olakwika aja akanakuuzani makilo 110, pomwe pamenepo mukadali ndi dzenje la K84,000.

Ngati mumatsegula masiku 26, ndiye kuti makilo 10 patsiku. Mukatsitsa mtengo ndi K200 yokha, makilo 250 aja amalumpha kufika 375 pamwezi, choncho ganizani kawiri musanapikisane ndi wapafupi nanu. Wangongole musamuwerengere mpaka atalipira, ndipo mtengo wa thumba ukakwera miyezi ya njala, bwerezani masamuwa.