Lisiti ya m'sitolo ndi kapepala ka pashelufu: mmene mungagwirire mtengo wolakwika musanatuluke pakhomo

Ambiri a ife tikalipira m'sitolo yaikulu timangoyang'ana chenji, lisiti n'kuiponya m'jumbo pamodzi ndi sopo. Timakhulupirira kuti poti awerengera ndi makina, sangaphonye. Pa kuwonkhetsa makina saphonyadi. Koma amawonkhetsa zomwe anthu awapatsa, ndipo zolakwika zambiri zimachokera kwa anthuwo.

Choyamba kudziwa n'chakuti timizere takuda tomwe tili pa paketi ya shuga kapena pa botolo la mafuta, tija timati bakhodi, mulibe mtengo. Muli nambala yokha ya katunduyo, kawirikawiri ya manambala 13, ndipo nambalayo yalembedwanso pansi pa timizereto kuti munthu athe kuiwerenga ndi maso. Kashiya akadutsitsa paketi pamakina n'kumveka kulira kuja, kompyuta imatenga nambalayo n'kukafufuza mtengo pa mndandanda womwe a ku ofesi ya sitoloyo analowetsa. Kapepala ka pashelufu ndi nkhani ina. Kamasindikizidwa padera, ndipo pamafunika wantchito woti ayende nako, achotse kakale, aike katsopano. Ku ofesi mtengo umasintha nthawi yomweyo pa matilu onse, pomwe mashelufu a katundu wambirimbiri amatenga nthawi kuti awamalize. Mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo inkasintha pafupipafupi, ndipo nyengo zotere ndi zomwe pepala limatsalira kwambiri m'mbuyo mwa kompyuta. Zimachitikanso mtengo wa pulomoshoni ukatha koma chikwangwani chake chikadali chopachikidwa, kapena pulomoshoni italengezedwa pashelufu koma osailowetsa m'kompyuta.

Choncho ntchito imayambira pashelufu, musanafike patilu. Werengani kapepalako konse, osati mtengo wokha wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Pali dzina la katundu, kukula kwake (magalamu kapena malita), ndipo nthawi zambiri pali nambala ya bakhodi. Yerekezani manambala 4 omalizira a pakapepala ndi a pa paketi yomwe mwanyamula. Akafanana, mtengowo ndi wa katundu ameneyo. Akasiyana, mwina kapepalako ndi ka katundu woyandikana naye, chifukwa ogula anzathu amatenga chinthu apa n'kukachisiya apo, ndipo oika katundu amadzaza malo opanda kanthu ndi chilichonse chomwe chilipo chambiri. Pa katundu wodula ndi wa pulomoshoni, jambulani kapepalako ndi foni, pooneka tsiku lothera pulomoshoniyo. Simufunika kujambula zonse. Zinthu zitatu kapena zinayi zomwe zikudya ndalama zambiri m'basiketi mwanu n'zokwanira.

Tiyeni tione chitsanzo. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, ndipo ndadzaza dala zolakwika zingapo pa lisiti imodzi kuti tiphunzirepo. Nthawi zambiri mupeza chimodzi kapena osapeza n'chimodzi chomwe. Mayi wina wagula botolo la mafuta ophikira la malita 2, mapaketi awiri a shuga, sopo mmodzi, nyama ya ng'ombe, tomato ndi buledi. Lisiti yake yatuluka motere:

```
COOKING OIL 2L              14,900.00
SUGAR 1KG  3 @ 3,200.00      9,600.00
SOAP 400G                    2,100.00
BEEF 1.240kg @ 9,500.00     11,780.00
GREEN PEPPER 0.800kg @ 4,500.00  3,600.00
BREAD                        2,300.00
TOTAL                       44,280.00
```

Musayambe ndi mitengo. Yambani ndi kuwerenga katundu. M'jumbo mwa mayiyu muli zinthu 7, koma lisiti ikunena 8. Mizere ilipo 6 yokha, ndiye wowerenga mizere sangaone vuto. Vuto labisala pa nambala yomwe ili kumanzere kwa chizindikiro cha `@`, kapena pansi pa mawu akuti `QTY` pa malisiti ena. Shuga walembedwa katatu pomwe watenga awiri. Izi zimachitika m'njira ziwiri. Kashiya akadutsitsa paketi n'kusamva kulira chifukwa cha phokoso, amaidutsitsanso, makina n'kuwerenga kawiri. Kapena amadutsitsa paketi imodzi n'kulemba kuchuluka ndi chala, chala n'kugunda 3 m'malo mwa 2. Pa malisiti ena kubwerezaku kumaoneka ngati mizere iwiri yofanana yotsatizana. Mukaona yotero, yang'anani ngati pansi pake pali mzere wa `VOID` kapena mtengo womwewo wokhala ndi chizindikiro chochotsera. Ngati ulipo, ndiye kuti kashiya anaona yekha n'kukonza. Apa palibe, ndiye K3,200 yapita pa shuga yemwe watsala m'sitolo.

Kenako werengani mayina. Mayiyu sanagule tsabola wobiriwira, wagula tomato. Ndiwo zamasamba, zipatso ndi zinthu zina zopanda paketi sizikhala ndi bakhodi ya kufakitale. Woyeza pa sikelo amasankha dzina kapena kulemba nambala yaifupi ya chinthucho, sikelo n'kutulutsa sitika yomwe amamata pa pulasitiki. Akalakwitsa nambalayo, sitika imatuluka ndi dzina lina ndi mtengo wina, ndipo tilu imangolandira zomwe sitika yanena. Kusiyana ndi katundu wa m'mapaketi, bakhodi ya pa sitika yotereyi imayamba ndi 2 nthawi zambiri, ndipo mtengo kapena kulemera kwake kumakhala m'kati mwa nambalayo. N'chifukwa chake malo abwino ogwirira cholakwika ichi ndi pasikelo pomwepo: werengani sitika asanakupatseni m'manja. Tomato pashelufu anali K2,500 pa kilo. Magalamu 800 akanakhala K2,000, koma walipira K3,600. Yapitanso K1,600.

Nyama ija tiiyese ndi masamu a pamutu. Kilo imodzi ndi K9,500. Magalamu 240 ndi pafupifupi kota ya kilo, ndipo kota ya K9,500 ndi K2,375. Kuphatikiza, tikupeza K11,875; popeza 240 ndi ochepera pang'ono pa 250, K11,780 ya pa lisiti ili bwino. Pa zoyezedwa zonse chongani zinthu ziwiri: mtengo wa pa kilo ufanane ndi wa pa chikwangwani cha pabutchala, ndipo sikelo ionetse `0.000` asanaikepo kanthu. Ngati akuyezera m'mbale kapena m'kabakuli, kulemera kwa chotengeracho kuyenera kuchotsedwa kaye. Masikelo a malonda amayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo mukakayikira sikelo, kumeneko ndi komwe nkhani yake imapita.

Tsopano mafuta. Pa foni ya mayiyu pali chithunzi cha kapepala konena K13,500, dzina ndi malita zikugwirizana, manambala omalizira a bakhodi akufanana, tsiku lothera pulomoshoni silinakwane. Tilu yatenga K14,900. Apa musathamangire kukangana kaye; tsikani mpaka kumunsi kwa lisiti. Masitolo ena amalemba mtengo wonse pamwamba, n'kudzachotsa ndalama ya pulomoshoni pa mzere wapadera pafupi ndi `TOTAL`, wolembedwa `DISCOUNT` kapena `SAVING`. Pa lisiti iyi mzere wotero mulibe, choncho K1,400 yalipidwa mopitirira. Pa pulomoshoni ya mtundu wa "gulani ziwiri pa mtengo wakuti", kumbukirani kuti kompyuta imachotsa ndalama pokhapokha ziwirizo zili m'gulu lomwe analowetsa. Mukasakaniza mitundu kapena kukula, kapena mukatenga chimodzi, mulipira mtengo wa nthawi zonse ndipo sikulakwa kwa makina.

Sopo ndiye wofunika kumuonetsetsa, chifukwa apa ambiri timakwiya pachabe. Mayiyu akukumbukira kuti anaona K1,450, lisiti ikuti K2,100. Atabwerera pashelufu akupeza kuti kapepala ka K1,450 kalembedwa 250g, pomwe iye wanyamula wa 400g. Tilu yatenga mtengo woona wa sopo ameneyo. Chomwe angachite ndi kumubweza n'kutenga wamng'onoyo, n'kuuza a sitolo kuti katundu wakhala pamwamba pa kapepala kosakhala kake. Ine ndimaona kuti kuvomereza msanga pomwe sitolo sinalakwe kumathandiza kuti akumvereni pa zitatu zinazo.

Zonse pamodzi: K3,200 ya shuga, K1,600 ya tomato ndi K1,400 ya mafuta zikukwana K6,200. Anayenera kulipira K38,080.

Za msonkho wa VAT musasokonezeke nazo. Mtengo wa pashelufu m'sitolo yogulitsa kwa anthu wamba umakhala utaphatikiza kale msonkhowo, ndipo mzere wa VAT wa kumunsi kwa lisiti umangoonetsa gawo la ndalama zomwe mwalipirazo lomwe ndi la msonkho. Mukawonkhetsa mitengo ya katundu yense, iyenera kufanana ndi `TOTAL` popanda kuonjezerapo kanthu. Ngati mwalipira ndi khadi, Airtel Money kapena Mpamba, yerekezaninso uthenga wa pafoni ndi `TOTAL`, makamaka ngati netiweki inavuta ndipo anakuuzani kuti mubwereze.

Nthawi yabwino yokonzera zonsezi ndi musanalipire. Ikani katundu patilu mwa magulu, ofanana pamodzi, odula pomalizira kuti muwaone bwino, ndipo maso akhale pa kagalasi koonetsa mitengo, osati pa foni kapena pa jumbo. Mukaona cholakwika nenani pomwepo: "Achemwali, taimani kaye, shuga ndi awiri." Kufafaniza mzere pa nthawi imeneyi n'kosavuta, ngakhale m'masitolo ambiri kumafuna kuti supavaiza abwere ndi khadi kapena nambala yake. Mukalipira kale, imakhala nkhani yobweza ndalama, yomwe imafuna kusainirana, ndipo ya pa khadi imatha kutenga masiku isanabwerere ku akaunti. Mukalipira, patukani pambali mkati momwemo, muwerenge lisiti musanadutse pa mlonda wa pakhomo. Mlondayo amaona ngati katundu wa m'jumbo walipiridwa, sikuti akukuwerengerani mitengo. Mukangotuluka, shuga wachitatu uja n'kovuta kutsimikiza kuti simunamutenge.

Podandaula musalimbane ndi kashiya pa mtengo, chifukwa si iye amaulowetsa m'kompyuta. Pemphani supavaiza kapena manijala, muonetseni lisiti ndi chithunzi, ndipo pitani naye limodzi pashelufu, kuti kapepalako kasachotsedwe inu mukadali chiimire patilu. Akakubwezerani, tengani lisiti ya kubwezako pamodzi ndi yoyamba ija.

Akakana, kapena mukaona kuti patapita masiku kapepala kakale kakadali pomwepo ndipo tilu ikutengabe mtengo wokwera, nkhaniyo ndi ya bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo a ogula pa nkhani ngati kuonetsa mtengo wina pashelufu n'kulipiritsa wina patilu. Kuti dandaulo liyende, mukhale ndi lisiti yooneka dzina la sitolo, tsiku, nthawi ndi nambala ya tilu, chithunzi cha kapepala ka pashelufu, ndi chithunzi cha bakhodi ya katunduyo. Lisitiyo ijambuleni tsiku lomwelo. Pepala lake limalembedwa ndi kutentha osati inki, ndiye likakhala padzuwa, m'galimoto yotentha kapena pafupi ndi mbaula, zilembo zimafufutika kapena pepala lonse limada.