Ndikayatsa VPN, Google ikubwera m'Chijeremani

"Ndikangoyatsa VPN, Google ikulemba Chijeremani, mapu akundiika ku Frankfurt. Nditani?"

Google imaona nambala ya IP, adiresi ya pa intaneti, ya seva ya VPN imene mwadzera, osati yanu, ndiye ikuganiza kuti muli ku Germany, kumene kuli sevayo. Foni yanu ilibe vuto.

Choyamba, mu VPN sankhani seva ya South Africa. Ili pafupi, intaneti imathamangako.

Kenako pitani pa `google.com/preferences`, musinthe dera kuchoka pa "Current Region" kukhala Malawi, musankhenso chilankhulo. Apa ndi pofunika kwambiri. Mukhale mutalowa mu akaunti yanu, apo ayi mukafufuta makuki, timafayilo timene mawebusaiti amasunga pa foni, zimene mwasinthazi zimabwerera mwakale.

Za mapu, yatsani "Location" pa foni, chifukwa GPS sidutsa mu VPN.