Momwe ndinamumasulira mphwanga pepala la malipiro la ku Joni

Mphwanga atayamba ntchito ku Joni anagwirizana ndi abwana R7,500 pamwezi, koma ku banki kunangolowa R6,425. Iye ankati akumubera, amayi ake kuno ku Nkhotakota ankati mwana akubisa ndalama. Ndinamuuza ajambule pepala la malipiro anditumizire pa WhatsApp.

Ndinayamba ndi mzere wa Gross. Imeneyo ndi ndalama yonse asanadulepo kanthu, ndipo ndi yomwe abwana amatchula polemba munthu ntchito. Yolowa m'thumba ndi ya pa Net Pay. Kwathu ku ganyu timalandira zomwe tapangana, n'chifukwa chake ambiri amasokonezeka.

Kenako tinasiyanitsa zodula za boma ndi za abwana. UIF ndi lamulo la ku South Africa: amadula R1 pa R100 iliyonse kuti munthu adzathandizike ntchito ikatha, ndiye pa iye ndi R75. Chinamupweteka mutu n'chakuti R75 inalembedwa kawiri. Yachiwiriyo amasonkha ndi abwana kuchokera m'thumba mwawo, sichoka pa malipiro ake. Pa PAYE, msonkho wa pa malipiro, panalibe kanthu, poti mu 2025 wolandira zosapitirira R95,750 pachaka sankakhoma msonkho, ndipo iye amapeza R90,000.

R1,000 yotsalayo inali ya nyumba yomwe abwana anamupatsa. Imeneyi si ya boma, ndipo sayenera kudula popanda iye kuvomera molemba. Atayang'ana kontilakiti anapeza kuti anasainira yekha. Achemwali anga, amayi ake aja, ndinangowauza kuti, "Powerengera za kutumiza, muziyambira pa R6,425."