Mapiritsi owonjezera magazi akundichititsa nseru

"Ndine woyembekezera, kuno ku Mchinji. Mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo akundichititsa nseru, m'mimba kupotokola, chimbudzinso chada. Ndimamwera tiyi m'mawa. Ndisiye?"

Musasiye mayi. Piritsi limodzi lili ndi ayironi pafupifupi mamiligalamu 60, koma thupi limangotengako pang'ono. Wotsalayo ndi amene amakanda m'mimba ndi m'matumbo, n'kudetsa chimbudzi. Kudako pakokha si matenda.

1. Yambani ndi kusiyanitsa piritsi ndi tiyi. Tiyi amagwira ayironi kuti asalowe m'magazi, ndiye mukuvutika ndi nseru koma phindu lili lochepa. Papite maola awiri. Chimodzimodzi mkaka ndi mankhwala a chilungulira.

2. Lisamutsireni madzulo. M'mimba mopanda kanthu ayironi amalowa bwino koma amapweteka, choncho imwani ndi madzi mutadya pang'ono. Chakudya chimachepetsako wolowa m'magazi, komabe bola zimenezo kusiyana n'kusiyiratu. Gwafa, lalanje kapena madzi a malambe pambali zimathandiza kuti alowe wambiri.

3. Mukaiwala, musamwe awiri mawa lake. Nseru imakula, ndipo thupi likalandira ayironi wambiri limachepetsa kulandira wina kwa tsiku lathunthu.

4. Ikatha sabata osasintha, kawauzeni anamwino. Angathe kukuchepetserani mlingo kapena kukuuzani kudumphitsa tsiku, koma poona kaye magazi anu.

Chimbudzi chikakhala chonanda ngati phula, chonunkha kwambiri kapena chamagazi, kapena mukusanza chilichonse, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo chonde mapiritsiwa muziika patali ndi ana, chifukwa mwana akameza ambiri angathe kufa.