Kodi chithunzi chomasuliridwa pafoni chingagwire ntchito ngati chikalata cha boma?

Mwajambula satifiketi yanu, Google Translate yaika mawu a Chingerezi pamwamba pa chithunzicho, ndipo zikuwerengeka bwinobwino. Kodi ofesi ya viza ichilandira? Yankho ndi loti ayi. Titenge chitsanzo cha munthu wobadwira ku Tete, mdziko la Mozambique, yemwe satifiketi yake yobadwira ili m'Chipwitikizi, ndipo akufunsira viza ya ku Britain.

Bwanji amachikana ngakhale mawu ali olondola?

Chifukwa palibe munthu amene wasaina kuti ndi olondola. Wogwira ntchito muofesi ya viza mwina sadziwa Chipwitikizi, choncho amadalira munthu amene angamufunse kapena kumuimba mlandu zikapezeka kuti wanama. Foni siyankha mlandu. Komanso mawu atsopano aja amaphimba oyambirira, ndiye chithunzicho sichikhalanso kope yeniyeni ya satifiketi. Chasanduka pepala losinthidwa, ndipo pepala looneka losinthidwa limaika pempho lonse pachiswe.

Nanga foni imalakwitsa pati?

Imalakwitsa pomwe pali pofunika kwambiri. Maina a Chipwitikizi ambiri ndi mawu wamba, ndiye dzina loti Graça lingatuluke Grace, Rosa n'kukhala Rose. Pamenepo dzina la pa satifiketi lasiyana ndi la mu pasipoti, ndipo mwaoneka ngati anthu awiri. Zidindo zozungulira ndi zolemba pamanja imazidumpha kapena kuzisokoneza. M'satifiketi zotere, mawu owonjezera a m'mbali, monga onena za ukwati kapena kusintha kwa dzina, kawirikawiri amakhala olemba pamanja. Akatsala, mwasiya mfundo yomwe ofesi ikufuna. Gwiritsani ntchito foni kuti inuyo mumve zomwe pepala likunena, basi.

Ndichite chiyani tsono?

Choyamba, werengani zomwe ofesi yolandira pepalalo ikufuna musanalipire aliyense. A UK Visas and Immigration amafuna kuti chikalata chilichonse chomwe sichili m'Chingerezi kapena m'chiyankhulo cha ku Wales chibwere ndi kumasulira kwathunthu. Pakumasulirapo pakhale zinthu zinayi: mawu a womasulira otsimikiza kuti wamasulira molondola, tsiku lomwe wamasulira, dzina lake lonse ndi siginecha, komanso keyala kapena nambala yomupezera.

Chachiwiri, mupatseni womasulira satifiketi yeniyeniyo, kapena kope yooneka bwino ya mbali zonse ziwiri. Ngodya zonse zinayi zioneke, pasakhale chithunzithunzi kapena chala. Womasulira wodziwa ntchito salota mawu: pomwe sipakuwerengeka amalemba kuti sipakuwerengeka, ndipo ngati ndi pa tsiku lobadwa, muyenera kukatenga satifiketi ina ku ofesi yomwe inaipereka.

Chachitatu, mupatsenso kope ya tsamba la pasipoti lomwe pali dzina lanu. Akamaliza, yerekezani chilembo ndi chilembo: maina anu, maina a makolo, tsiku, mwezi, chaka ndi nambala ya satifiketi. Onaninso ngati watchula chidindo chilichonse ndi zolembedwa mkati mwake. Ngati dzina linalembedwa molakwika pa satifiketi yoyambirira, musamupemphe kuti akonze mwakachetechete. Ntchito yake ndi kumasulira zomwe zilipo. Kukonza ndi kwa ofesi yomwe inalemba.

Chomaliza, perekani zonse ziwiri pamodzi, ya Chipwitikizi ndi ya Chingerezi. Kumasulira sikulowa m'malo mwa satifiketi.

Kodi loya akadinda pa chithunzi changa, zatheka?

Ayi. Chidindo chotsimikiza kope chimangonena kuti fotokope ikufanana ndi pepala loyambirira. Sichinena kalikonse za kumasulira. N'chimodzimodzi ndi chidindo cha Apostille, cha pangano la ku Hague la 1961: chimatsimikiza siginecha ndi udindo wa amene anasaina chikalata, osati kulondola kwa mawu ake. Anthu ambiri amataya ndalama apa, chifukwa amaganiza kuti chidindo chilichonse chimayeretsa pepala.

Kodi mnzanga wodziwa Chipwitikizi angandimasulire?

Zimatengera dziko. Ku America, a USCIS, ofesi ya boma yoona za anthu olowa m'dzikolo, amalandira kumasulira kwa munthu aliyense amene wasaina kuti amadziwa bwino ziyankhulo zonse ziwiri ndipo wamasulira zonse molondola. Ku South Africa nkhani ndi ina: womasulira wolumbira amavomerezedwa ndi Khothi Lalikulu, ndipo a SAQA, omwe amaunika satifiketi za maphunziro zochokera kunja, amafuna kumasulira kwa munthu wotereyu. Ku Britain ofesi iyenera kutha kufufuza womasulirayo payokha, choncho pezani munthu kapena kampani yomwe ntchito yake ndi yomasulira, osati m'bale wanu. Musanamulipire, mufunseni ngati adzalemba zinthu zinayi zija pa pepala lomwelo.