Momwe mungayezere kutentha kwa m'kalasi yopanda makina oziziritsa pogwiritsa ntchito PMV

Themomita yokolekedwa pakhoma ikhoza kunena madigiri 29, koma ana okhala pansi pa malata thukuta lili kamukamu. Chida sichinaname ayi, changoyeza mpweya wokha, pomwe thupi la munthu limamva zambiri kuposa apo. Njira ya PMV, yomwe P. O. Fanger wa ku Denmark anaifalitsa mu 1970 ndipo ili m'malamulo a ISO 7730 ndi ASHRAE 55, imasonkhanitsa zinthu zisanu ndi chimodzi n'kutulutsa nambala imodzi yolosera mmene gulu la anthu lingamvere. Nambalayo imayambira pa -3, kuzizira kwambiri, kudutsa pa 0, pomwe munthu sakumva kutentha kapena kuzizira, mpaka +3, kutentha kwambiri. Pa +1 munthu akumva kutentherako pang'ono, pa +2 akumva kutentha.

Ndinene poyambirira kuti njirayi inapangidwa poyesa anthu akuluakulu m'zipinda zomwe kutentha kwake kumalamulidwa ndi makina. M'kalasi yodalira mawindo, kudera lotentha, kawirikawiri imakokomeza kutentha. Choncho ntchito yanu ili pawiri: kuwerengera PMV, kenako kuifananitsa ndi zimene ophunzira eni ake akunena.

Choyamba: sankhani nthawi ndi malo

Yezani ophunzira ali m'kalasi, mawindo ndi zitseko zili monga zimakhalira masiku onse. Kalasi yopanda anthu imanamiza, chifukwa matupi 40 amatulutsa kutentha ndi chinyezi chochuluka. Sankhani nyengo yotentha, ndipo muyeze m'mawa ndi masana denga litapsa. Dikirani mphindi 30 ana atakhala pansi. Amene angochoka kothamanga pa nthawi yopuma thupi lawo limakhala likadali moto, ndipo PMV imafuna thupi lokhazikika.

Ikani zida pautali wa mamita 0.6 kuchoka pansi, pomwe pali pakati pa thupi la munthu wokhala. Yezani malo atatu: pakati pa kalasi, pafupi ndi windo, ndi pakona yomwe mphepo sifika. Dzuwa lisawombe chida, ndipo inuyo musaime pafupi nacho.

Chachiwiri: yezani zinayi za m'chipinda

Kutentha kwa mpweya ndi chinyezi n'zosavuta, chida chimodzi chaching'ono chimayeza zonse ziwiri. Liwiro la mphepo limafuna chida chokhala ndi kawaya kotenthetsedwa, chifukwa chija chokhala ndi timapiko tozungulira sichimva kamphepo kofooka ka m'nyumba. Mphepo ya pawindo imabwera n'kusiya, ndiye musalembe nambala imodzi yomwe mwaiona. Tengani avereji ya mphindi zitatu kapena kuposerapo.

Chachinayi ndi chimene anthu ambiri amachilumpha, koma ndicho mwini nkhani: kutentha kowawula kochokera kudenga ndi kumakoma. Malata akapsa amawotcha khungu ngati mmene moto umawotchera munthu wouothera patali, ngakhale mpweya wa pakati usanatenthe. Kumeneku timayeza ndi mpira wakuda wa kopa, wopanda kanthu mkati, wa mamilimita 150 m'mimba mwake, themomita ili pakatikati pake. Upatseni mphindi 20 mpaka 30 kuti ukhazikike. Mukawerenga msanga mupeza nambala yotsika.

Zimene mpirawo wanena si yankho lomaliza, chifukwa mphepo imauziziritsa. Muyenera kukonza motere, pomwe tg ndi kutentha kwa mpira, ta ndi kwa mpweya, va ndi liwiro la mphepo, ndipo tr ndi kutentha kowawula komwe tikufuna:

```
tr = [(tg+273)^4 + 2.5×10^8 × va^0.6 × (tg−ta)]^0.25 − 273
```

Ngati mulibe mpira woterewu, kampira ka tenisi ya pa tebulo ka mamilimita 40 kopakidwa penti yakuda yosanyezimira kamagwira ntchito, ndipo kamakhazikika msanga. Pamenepo m'malo mwa 2.5 lembani 4.2, podziwa kuti kampira kakang'ono kamatengeka kwambiri ndi mphepo.

Chachitatu: onani ntchito ndi zovala

Kutentha kumene thupi limatulutsa kumayezedwa ndi met. Wophunzira wokhala pansi akulemba timamupatsa 1.2 met, mphunzitsi woimirira akuyendayenda pafupifupi 1.6, choncho musawaphatikize pa nambala imodzi. Zovala zimayezedwa ndi clo. Kabudula ndi malaya a manja aafupi ndi pafupifupi 0.36, siketi yofika m'mawondo ndi malaya oterowo 0.54, thalauza ndi malaya oterowo 0.57. Lembani zimene ana avala tsikulo, osati zimene lamulo la yunifolomu likunena. Mpando wathabwa suwonjezera kanthu kooneka.

Chachinayi: werengerani

Tiyerekeze kuti nthawi ya 1 koloko masana, pakati pa kalasi yofolera malata yopanda siling'i, mwapeza mpweya wa madigiri 29, mpira wakuda 31, mphepo ya mamita 0.2 pa sekondi ndi chinyezi cha 50 peresenti. Ana ali pa 1.2 met ndi 0.5 clo.

Mukaika manambalawa mu fomula ija, tr ikutuluka madigiri 32.7. Taonani: mpira unangoposa mpweya ndi madigiri awiri, koma denga ndi makoma zikuuposa ndi pafupifupi anayi. Palinso kukonza kwina kwakung'ono. Munthu akamagwedezeka amadzipangira kamphepo, ndiye liwiro lolowa mu PMV ndi `va + 0.3 × (met − 1)`, lomwe pano ndi 0.26.

Masamu a PMV enieniwo ndi obwerezabwereza, salinso ochita pamanja. Gwiritsani ntchito CBE Thermal Comfort Tool ya pa intaneti, yaulere, kapena pythermalcomfort ngati mumalemba mapologalamu. Onetsetsani ngati chidacho chikudziwonjezera chokha kamphepo ka kugwedezeka kaja, kuti musawonjezere kawiri. Dziwaninso kuti mbali ya ASHRAE 55 imachotserako kutentha mphepo ikakula, motero yankho lake limatsikirapo poyerekeza ndi la ISO 7730. Sankhani imodzi, mulembe kuti mwasankha iti. Manambala a pano ndi a ISO 7730.

Kalasi yathu ikupereka PMV ya pafupifupi +1.6. Kuchokera pa PMV timapeza PPD, gawo la anthu amene akuyembekezeka kudandaula:

```
PPD = 100 − 95 × exp(−0.03353×PMV^4 − 0.2179×PMV^2)
```

Apa PPD ndi pafupifupi 56 peresenti. Malire amene ambiri amatsata ndi PMV ya pakati pa -0.5 ndi +0.5, yomwe PPD yake siposa 10 peresenti. Ngakhale pa 0 penipeni anthu 5 mwa 100 amadandaulabe.

Musanaikhulupirire nambalayo, onani ngati muli m'malire a njirayi. ISO 7730 imati PMV igwiritsidwe ntchito pakati pa -2 ndi +2, mpweya usapose madigiri 30, tr isapose 40, ndipo mphepo isapose mita imodzi pa sekondi. Chinyezi nachonso chili ndi malire, omwe pa madigiri 29 amafika cha pa 67 peresenti. Kalasi ya kotentha imadumpha malire amenewa mosavuta, ndipo makompyuta ena amangotulutsabe nambala osakuchenjezani. Mukapeza +2.7 pa madigiri 33, lembani kuti mwapitirira malire. Kunena kuti m'kalasimo mukutentha n'zoona, koma nambalayo musaiyese yolondola.

Chachisanu: afunseni ana

Pa mphindi zomwezo mukuyeza, wophunzira aliyense achonge papepala mmene akumvera pa masitepe asanu ndi awiri aja, kuyambira -3 mpaka +3. Aliyense alembe yekha osakweza manja, chifukwa ana amatsanzira anzawo. Aang'ono afotokozereni ndi mawu osavuta kapena zithunzi.

Tiyerekeze kuti mwa ana 40, 8 achonga 0, 20 achonga +1, 10 achonga +2 ndipo awiri achonga +3. Zonse pamodzi ndi 46, kugawa ndi 40, avereji ndi +1.15. PMV inati +1.6. Ochonga +2 ndi +3, omwe timawawerenga ngati odandaula, ndi 12, kutanthauza 30 peresenti osati 56.

Kusiyana kotere sikusonyeza kuti mwalakwitsa. Anthu ozolowera kotentha sayembekezera mpweya wa m'makina, amatsegula mawindo, amamasula mabatani, amachepetsa kuyendayenda. Fanger mwiniwake ndi mnzake Toftum anavomereza zimenezi mu 2002, nabweretsa nambala ya chiyembekezo, e, ya pakati pa 0.5 ndi 1.0, yochulukitsira PMV. Kumene kumatentha chaka chonse ndipo nyumba za makina oziziritsa n'zochepa, e imakhala pakati pa 0.5 ndi 0.7. Ndi e ya 0.7, PMV yathu ikutsika kufika +1.1, pafupi ndi zimene ana anena. Ine sindikonda kuti munthu asankhe e asanafunse ophunzira, chifukwa n'kosavuta kusankha yomwe ikuchititsa kalasi yoipa kuoneka yabwino. Ndipo ana si akuluakulu aang'ono. Nthawi zina iwo ndi amene amamva kutentha kuposa zimene PMV yalosera, ndiye mayankho awo akakwera kuposa nambala yanu musawatsutse.

Yesaninso ndi njira ya kuzolowera ya mu ASHRAE 55, yomwe inapangidwira nyumba zodalira mawindo. Kutentha koyenera ndi `0.31 × Tout + 17.8`, pomwe Tout ndi avereji ya kutentha kwa panja m'masiku apitawo, ndipo anthu 80 mwa 100 amalolera madigiri 3.5 pamwamba kapena pansi pake. Tout ikakhala 26, malire a pamwamba ndi 29.4. Kalasi yathu, tikaphatikiza mpweya ndi kuwawula potenga 0.6 ya ta ndi 0.4 ya tr, ili pa 30.5. Njira zonse zitatu zikugwirizana kuti mukutentha, zikungosiyana pa kukula kwake.

Chomaliza: pezani gwero la vuto

Apa ndi pomwe PMV imaposa njira zinazo. Sinthani chinthu chimodzi, zina zonse zikhale momwemo. Mukatsitsa tr kufika 29, ngati kuti mwaika siling'i yotchinga bwino kutentha kwa malata, PMV ikutsika kuchoka +1.6 kufika +1.1. Madigiri osakwana anayi a denga akudya theka la sitepe yathunthu, ndipo amene sanayeze ndi mpira wakuda sakanaziona konse. Mukasiya denga momwemo n'kukweza mphepo kufika mamita 0.8 pa sekondi, ndi mafani kapena mawindo oyang'anizana, PMV ikufika +1.2.

Bwerezani zimenezi pa malo atatu munayeza aja. Ngati tr ndi yokwera paliponse, vuto ndi denga. Ngati yakwera pafupi ndi windo pokha, dzuwa likulowa kapena khoma la mbali imeneyo lapsa, ndipo mankhwala ake ndi mthunzi wa kunja. Ngati pakona mphepo ili pansi pa 0.1 pomwe pawindo ili 0.4, mpweya ukulowa koma ukusowa potulukira, ndiye funani pobowola khoma la tsidya linalo musanagule fani.