Mipata mu Deta: Titaye Mizere Kapena Tidzaze Kangapo?

Mukayendetsa rigiresheni mu R ndi lamulo la `lm()`, musathamangire kuwerenga ma koefishenti. Yambani mwayang'ana chakumunsi, pansi pa `Residual standard error`. Ngati pali mawu akuti `observations deleted due to missingness`, dziwani kuti pulogalamu yataya munthu aliyense amene mzere wake unali ndi mpata, ngakhale umodzi wokha, mu mavariyebulo amene ali mu modeloyo. Stata nayo imachita chimodzimodzi osakufunsani. Njira yotsala ndi mizere yokwanira yokhayi ndi imene imatchedwa kompuliti kesi analisisi, ndipo ambiri amaigwiritsa ntchito osadziwa n'komwe kuti asankha njira.

Timipata tating'ono timadya anthu ambiri. Modelo ikakhala ndi mavariyebulo 10, iliyonse n'kusowa mwa anthu 5 pa 100 mosagwirizana ndi inzake, mumatsala ndi anthu pafupifupi 60 pa 100. Komabe kuchepa kwa anthu si vuto lalikulu kwambiri. Chimene ndikufuna mugwiritsitse n'chakuti musanasankhe njira, fufuzani chimene chinabweretsa mpatawo, makamaka ngati chikukhudzana ndi chinthu chimene modelo yanu ikufuna kufotokoza.

Tiyerekeze kuti muli ndi anthu 1,000 ndipo mukufuna kuona mmene kulemera kwa thupi kumakwezera BP, poganiziranso zaka ndi kusuta fodya. BP, zaka ndi za fodya zinalembedwa kwa onse, koma anthu 300 sanayezedwe pasikelo.

Ngati sikelo inawonongeka masiku ena, anthu 700 otsalawo akufanana ndi gulu lonse. Kutaya enawo sikupotoza yankho, kumangokulitsa standadi era. Nanga ngati okalamba ndiwo ankalephera kukwera pasikelo? Apa ambiri amachita mantha pachabe. Malinga ngati zaka zili mu modelo, modeloyo ndi yolondola, ndipo kusayezedwa sikudalira BP pakati pa anthu a zaka ndi thupi lofanana, koefishenti ya kulemera imatulukabe bwino. Rigiresheni imafunsa za BP ya munthu wa zaka zakuti ndi thupi lakuti, choncho kuchepa kwa okalamba pagulu sikusintha funsolo.

Zinthu zimasintha ngati anamwino ankathamangira kwa dokotala ndi aliyense wa BP yokwera kwambiri, osataya nthawi ndi sikelo. Tsopano mpata ukudalira BP yeniyeniyo. Mwa anthu onenepa mwatsala makamaka a BP yotsikirapo, mzere wa rigiresheni umagona, ndipo mudzalengeza kuti kulemera kumakweza BP pang'ono chabe pamene zoona zake si zimenezo. Ngakhale mutawonjezera anthu zikwi zina, kupotokaku sikuchoka.

Poyambira kufufuza ndi apa:

```r
glm(is.na(kulemera) ~ bp + zaka + fodya,
    family = binomial, data = d)
```

Ngati `bp` ikuoneka kuti ikulosera kwambiri amene sanayezedwe, musakhulupirire msanga zotsatira za mizere yokwanira yokha. Pitani mukacheze ndi amene ankalemba mafomu. Iwo amadziwa zimene tebulo silinganene.

Pa vuto ngati limeneli ndi pamene matipo impyuteshoni, kudzaza mipata kangapo, imagwira ntchito. Njirayi anaikhazikitsa Donald Rubin, ndipo anaifotokoza mokwanira mu 1987. Kwa munthu aliyense wosayezedwa, kompyuta imayerekeza kulemera kwake potengera BP, zaka ndi fodya, n'kuwonjezerapo kamwayi kuti manambala asafanane ndendende. Imatero kangapo, n'kutulutsa matebulo angapo odzaza. Mumayendetsa rigiresheni pa tebulo lililonse palokha, kenako n'kuphatikiza mayankho.

```r
library(mice)
imp <- mice(d, m = 30, seed = 1)
fit <- with(imp, lm(bp ~ kulemera + zaka + fodya))
summary(pool(fit))
```

Chifukwa chodzazira kangapo chimaoneka bwino pa kuphatikizako. Tinene kuti matebulo 5 apereka ma koefishenti 0.42, 0.50, 0.46, 0.38 ndi 0.54, iliyonse ndi standadi era ya 0.10. Yankho ndi avereji yake, 0.46. Kukayika kwa mkati mwa tebulo, `W`, ndi 0.10 kuchulukitsa ndi 0.10, kumene ndi 0.01. Kusiyana kwa mayankho pakati pa matebulo, `B`, ndi variyansi ya manambala asanu aja, 0.004. Lamulo la Rubin limati kukayika konse, `T`, pamene `m` ndi chiwerengero cha matebulo, ndi uku:

```
T = W + (1 + 1/m) * B
  = 0.01 + 1.2 * 0.004 = 0.0148
```

Sikweya ruti ya 0.0148 ndi pafupifupi 0.12. Standadi era yakwera kuchoka pa 0.10 kufika pa 0.12, ndipo kukwerako ndi mtengo wa kusadziwa kulemera kwenikweni kwa anthu 300 aja. Wodzaza kamodzi kokha amalengeza 0.10 ngati kuti anawayeza onse. Wodzaza mipata yonse ndi avereji ya gulu ndiye amalakwa kawiri, chifukwa amafinya kusiyana kwa anthu n'kupotozanso koefishenti. Chonde, chizolowezi chimenecho chisiyeni.

Cholakwika chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuchotsa BP mu modelo yodzazira, poopa kuti kukhala ngati kubera. Si kubera ayi. Mukaichotsa, manambala odzazidwawo sagwirizana mokwanira ndi BP, ndipo anthu 300 aja amakokera koefishenti ku ziro. Chilichonse chimene chili mu rigiresheni yanu chikhalenso mu modelo yodzazira, kuphatikizapo maintarakishoni ngati alipo. Ngati muli ndi muyeso wa m'chiuno kapena kulemera kwa ulendo wapitawo, ikanimo ngakhale simudzazigwiritsa ntchito pamapeto, pakuti phindu lalikulu la njirayi limachokera ku zinthu zothandizira zoterezi. Chotsanimo nambala ya fomu, siilosera kanthu.

Mukapanda kuiuza, `mice` imapanga matebulo 5 okha. Langizo lodziwika la White, Royston ndi Wood la mu 2011 ndi lakuti chiwerengero cha matebulo chisachepere peresenti ya mizere yokhala ndi mipata, n'chifukwa chake talemba 30. Mukamaliza, onani `plot(imp)`: mizere iyenera kulukanalukana, osati kukwera kapena kutsika mosalekeza. Onaninso `densityplot(imp)`. Manambala odzazidwa akhoza kusiyana ndi oyezedwa, ndipo m'chitsanzo chathu tikuyembekeza kuti akhale okwererapo, koma munthu wamkulu wolemera makilogalamu 12 ndi chizindikiro chakuti china chake chasokonekera.

Kudzaza kangapo kuli ndi malire ake. Kumadalira kuti zimene munalemba zikukwanira kufotokoza mipata. Tiyerekeze kuti onenepa kwambiri ankakana okha sikelo chifukwa cha manyazi, kaya BP yawo ndi yotani. Apa kudzaza mwachizolowezi kukhoza kuwapatsa thupi lochepa n'kupotoza yankho, pamene kutsala ndi mizere yokwanira kumapereka koefishenti yolondola. Chovuta n'chakuti `glm` ija idzaonetsabe kuti `bp` ikulosera mipata, popeza onenepa amakonda kukhala ndi BP yokwera. Deta payokha singasiyanitse nkhani ya manyaziyi ndi ija ya kuthamangira kwa dokotala. Komanso ngati BP yokha ndiyo ikusowa ndipo mulibe zothandizira, kudzaza sikuwonjezera chilichonse.

Mu lipoti lanu ikani zotsatira za njira ziwirizi pambali ndi pambali, ndi chiwerengero cha anthu amene analowa mu iliyonse. Zikasiyana kwambiri, nenani nkhani ya mipata imene mukuikhulupirira ndi umboni wake. Kenako yesani kuwonjezera makilogalamu 5 pa manambala odzazidwa, kenako 10, muyendetsenso modelo, ndipo mulembe pamene yankho lanu layamba kusintha.